Dada ndi Sureyalizimu: zowerenga musanabwere m'kalasi Lachinayi

Mu February 1916, Hugo Ball ndi Emmy Hennings anatsegula Cabaret Voltaire, malo achisangalalo komwe kunayambira gulu la zaluso lotchedwa Dada, ku Zurich, m'dziko la Switzerland lomwe silinalowe nawo nkhondo yoyamba ya padziko lonse. Chaka chomwecho ku Somme, ku France, asilikali oposa 1 miliyoni anaphedwa kapena kuvulazidwa. Mfuti zachiwaya ndi utsi wakupha zinapangidwa ndi anthu ophunzira, ndipo nyuzipepala zinkalungamitsa imfazo m'ziganizo zomveka bwino. Funso la Dada linachokera pamenepo: ngati nzeru zadongosolo zabala zimenezi, wojambula azikhulupirirenji?

Choncho musalembe m'mayeso kuti Dada “ilibe tanthauzo”. Ball ankalakatula mawu osapezeka m'chinenero chilichonse chifukwa ankaona kuti mawu enieni aipitsidwa ndi mabodza a nkhondo. Mu 1917 ku New York, Marcel Duchamp anatumiza chokodzeramo kuchionetsero atachisaina R. Mutt, okonza chionetserocho osachionetsa, ngakhale analonjeza kulandira ntchito ya aliyense wolipira. Ku Berlin, Hannah Höch ndi John Heartfield ankadula zithunzi za m'magazini n'kuziphatikiza kuti andale ndi akuluakulu a asilikali aoneke mmene analili.

Njira ya Tristan Tzara ya mu 1920 yopangira ndakatulo ya Dada tidzaiyesa m'kalasi, ndiye mubwere ndi nyuzipepala, sizasi, guluu ndi thumba. Sankhani nkhani yautali wofanana ndi ndakatulo yomwe mukufuna, dulani liwu lililonse palokha, ikani m'thumba, khutchumulani, n'kumata mawuwo motsatana ndi mmene akutulukira. Ambiri amalakwitsa pobweza liwu lomwe “silikugwirizana”. Mukatero mwabwezeretsa woweruza yemwe Tzara ankamuthamangitsa.

Sureyalizimu, yomwe inatsatira Dada, inafunsa kuti m'malo mwa zomwe Dada inagumula pakhale chiyani. André Breton anagwira ntchito m'chipatala cha asilikali odwala misala ku Saint-Dizier mu 1916, komwe anadziwa maganizo a Sigmund Freud onena za maloto ndi zilakolako zobisika mumtima. Mu 1919 iye ndi Philippe Soupault anayamba kulemba mothamanga, osaima ndiponso osakonza, ndipo chikalata cha mfundo za gululi chinatuluka ku Paris mu 1924. Inunso mulembe choncho mphindi 10 kunyumba, cholembera osachichotsa papepala. Chovuta chake n'chakuti dzanja limathawira ku mawu ozolowereka, miyambi ndi nyimbo zomwe mumadziwa kale. Zikatero onjezani liwiro, musafufute. Max Ernst anapeza njira ina mu 1925: kuyala pepala pa thabwa, kukhutiza ndi pensulo, n'kuona nkhalango kapena mbalame m'mizere yotulukayo.

Ophunzira ambiri amathera pa mawotchi osungunuka a Salvador Dalí a mu 1931, koma ife tikuona kuti ndale za gululi n'zofunika kuposa apo. Anthu a gululi anatsutsa nkhondo ya France ku Rif, ku Morocco, mu 1925, ndipo mu 1931 anauza anthu kuti asapite kuchionetsero cha atsamunda ku Paris. Lachinayi tidzakambirana ngati kukonda kwawo ziboliboli za ku Africa ndi ku Oceania kunagwirizana ndi kutsutsa kumeneku.