Kwa Anaphiri, amake Luwiza, pa zaka 40 za banja lathu

Chapotera, Angonia
14 Sepitembala 2025

Anaphiri,

Kalatayi mwaipeza pansi pa mbale yanu ya tiyi chifukwa ndikudziwa kuti ndikayamba kuyankhula pakamwa mundidula mawu, munena kuti madala mwayamba liti zachinyamata. Ndiye werengani mwakachetechete. Magalasi anu ali pawindo, pomwe munawaiwala dzulo.

Lero takwanitsa zaka 40 chikwatiranireni. Linali Loweruka, fumbi lili koboo, kutchalitchi kwathu kofolera udzu kuja. Nsapato ndinabwereka kwa malume ndipo zinkandithina kotero kuti pobwerera ndinazinyamula m'manja. Anzanu aja anandiseka njira yonse. Inu simunaseke, koma ndinaona mukudziluma mlomo kuseri kwa duku. Panalibe shuga, panalibe sopo, m'maloja munali mashelefu okhaokha. Anthu anamwa thobwa, nadya mbuzi imodzi imene ankhoswe anachita kuigawa ngati mankhwala.

Chisangalalo chathu sichinakhalitse. Pa 30 Okutobala chaka chomwecho ansembe athu awiri, Bambo Kamtedza ndi Bambo Moreira, anatengedwa usiku konkuno n'kuphedwa. Kuyambira pamenepo tinkagona kutchire, m'nyumba tikungobwera masana. Mu 1986 tinawoloka malire kupita ku Dedza, inu muli ndi pakati pa Luwiza, poto pamutu, ine nditasenza mphasa ndi khasu. Phiri la Domwe tinkaliona likutsalira kumbuyo, osadziwa kuti tidzakhala zaka zisanu ndi ziwiri tisanapondenso pakhomo pano.

Za ku Malawi sindichulukitsa, mukuzidziwa kuposa ine. Mizere ya ufa, khadi lolandirira chakudya limene munkalisunga m'kapulana ngati mwana, nkhuni zimene munkakatola kutali mpaka khosi kuuma. Ndiponso manda aang'ono aja amene tinawasiya kumeneko. Dzina lake sindilemba pano. Tonse awiri timalitchula mumtima, ndipo ndimaona mmene mumakhalira chete mukaona anyamata a msinkhu umene akanakhala nawo.

Koma pali nkhani imodzi imene ndakhala nayo pakhosi zaka zonsezi, ndiyo yandigwiritsa cholembera lero.

Mukukumbuka nyemba zija? Pothawa munatapa nyemba za amayi anu, zofiira zamawangamawanga, n'kuzimanga pakansalu. Chaka chilichonse munkabzala pang'ono kuseri kwa chisakasa chathu, pamalo osakwana ndi mphasa ziwiri zomwe, n'kusunganso mbewu m'kachikho kothira phulusa kuti anankafumbwe asalowe. Kenaka chinabwera chilala cha 1992. Chimanga chinapserera chisanamasule, tonse tinadalira chimanga chachikasu cholandira. Tsiku lina ana atagona ndi nsima yosunsa pamchere, ine ndinakuuzani kuti muphike nyembazo. Munakana. Ndinakalipa, mpaka anthu oyandikana nawo anatuluka m'nyumba. Ndinanena kuti ndinu mkazi wouma mtima, wokonda mbewu kuposa ana ake. Inu munangoti, "Abambo a Luwiza, izi n'zakwathu, tikadya lero tikabzala chiyani?" Basi, munatenga kachikhoko n'kukabisa kwa mnzanu wina kuti ndisakapeze.

Ine nthawi imeneyo nkhani yobwerera kwathu ndinali nditaitaya. Inu ayi. Pa 4 Okutobala chaka chomwecho tinamva pawailesi kuti asainirana mtendere ku Roma, ndipo mu 1993 tinabwerera. Tinapeza mudzi uli thengo, pamene panali nyumba yathu patamera mtengo wamsinkhu wa munthu, anthu akuyenda mondondozana m'kanjira kamodzi poopa mabomba okwirira. Mvula yoyamba itagwa munatulutsa kachikho kaja. Nyemba zimene tadya usiku wathawu ndi zidzukulu za zomwezo, ndipo theka la mudzi uno linadzapempha mbewu kwa inu.

Mawu aja sindinawabweze. Ndinkaganiza kuti mukaona ndikupalira nawo nyembazo mudziwa nokha kuti ndagonja. Mwina munadziwadi, koma munthu sapepesa ndi khasu. Pepani, Anaphiri. Ndinalakwa, ndipo ndinayankhula ngati chitsiru pamaso pa anthu.

Zolakwa zina zing'onozing'ono ziliponso, ngakhale inu mwina munganene kuti sizing'onozing'ono. Ulendo wa ku Moatize uja, pamene aliyense ankathamangira ganyu kumigodi ya malasha, munandiletsa, ine osamva. Mwana wa kumapiri, wozolowera chisanu cha Juni, kukagwa m'ng'anjo ya ku Tete! Usiku ndinkagona panja thukuta lili kamukamu, ndikulota mphepo ya kuno. Ndinabwerako patatha miyezi isanu ndi itatu ndi wailesi, malungo ndi ngongole. Ndinapeza inu mutakolola mbatatesi kudimba, mwagulitsa kumsika wa ku Lizulu, mwalipirira Luwiza zonse za kusukulu ku Ulongwe, ndipo mwagulanso nkhumba. Pondilandira simunandinyoze. Munangofunsa kuti, "Wailesiyi tidyera ndiwo yanji?" Mpaka lero ana amati akaona ndagula chinthu chopanda pake amafunsa funso lomwelo.

Anthu amati ine ndinamanga nyumba ya malata. Ine ndimangovomera, poti ulemu sukanidwa. Koma ndani ankawerenga ndalama za fodya usiku pakoloboyi, kupatula za feteleza, za malata, za matenda, n'kundipatsa ine yotsala ngati mwana wasukulu? Ngakhale pamene ndalama zinasintha mu 2006, 1,000 wakale n'kukhala metikali imodzi, ine mutu unazungulira sabata yathunthu, inu tsiku lomwelo munali mutayamba kale kutsutsana ndi ogula nyemba pa sikelo yawo.

Tsopano takula. Bondo lanu lija limakuvutani kukazizira, ine khutu lakumanzere linatseka, ndiye timakhalira kufunsana kuti "mwati bwanji?" tsiku lonse. Ana anabalalika, wina ku Tete, wina ku Beira, wina anakwatiwa ku Ntcheu komwe, ndipo pakhomo pamakhala phokoso pokhapokha zidzukulu zikatsekera sukulu. Madzulo mukakhala pakhonde mukusankha nyemba m'lichero, n'kumang'ung'udza nyimbo za kwaya mosalondola mawu, ine ndimanamizira kukonza mpini kuti ndikhale pafupi. Mpini umenewo ulibe vuto lililonse. Ndaukonza kokwanira.

Ndimakukondani, Anaphiri. Mawu amenewa ndinawanena kamodzi kokha, pachitsime, mu 1984, ndipo munandiyankha kuti ndikauze malume anu. Ndawanenanso lero, koma malumewo kulibe, ndiye muyankhe nokha.

M'sutikesi yobiriwira muli kapulana ziwiri zimene ndinatuma Luwiza kuti akagule ku Tete. Ngati mtundu wake sukusangalatsani, mlandu ndi wake. Muvale imodzi popita ku Misa, chifukwa ndapempha kuti atitchule m'mapemphero. Tambala wofiira uja ndamumanga kale mwendo, ali kuseri kwa nkhokwe, ndipo lero musakoleze moto ndinu, apongozi anu abwera kudzaphika. Khitchini yodontha ija ndiifolera mvula ya Novembala isanagwe. Ndikudziwa kuti ndinanenanso chaka chatha, koma ulendo uno malata ndalipira kale, risiti lili m'Baibulo lanu pa Miyambo 31.

Ine mwamuna wanu,
Bambo a Luwiza