Ndondomeko ya chithandizo cha mano anu, magawo ake ndi maulendo oyembekezeka

Bambo,

Tsiku limene munabwera kudzapimidwa, adokotala ankatchula manambala ndi zilembo, ine n'kumalemba pakompyuta, ndipo pamene munkadzuka pampando munafunsa ngati zonsezo zikutanthauza kuti mano anu atha. Sanathe ayi. Dzino limodzi lokha ndilo liyenera kuchotsedwa, ndipo ena onse amene ali ndi vuto angathe kukonzedwa. Ndalemba chikalatachi kuti zimene zinalembedwa mwachidule muzione m'mawu athunthu komanso m'ndondomeko imene tidzatsatire, ndipo adokotala achiwerenga n'kuvomereza kuti chikugwirizana ndi zimene anapeza. Pa khadi lanu palembedwa izi:

```
BPE  2 1 3 / 3 2 2
26 DO caries, TTP+, PA: PAR -> RCT, crown
46 RR -> XLA
16 MO, 37 O caries -> comp
11 MI # -> comp
36 missing, 48 PE monitor
OHI, S&P, RSD, -/P
```

Dzino lililonse lili ndi manambala awiri. Yoyamba imasonyeza chigawo cha m'kamwa: 1 ndi kumtunda kumanja, 2 kumtunda kumanzere, 3 kumunsi kumanzere, ndipo 4 ndi kumunsi kumanja, potengera dzanja lanu inuyo osati la amene akukuyang'anani. Yachiwiri imawerenga mano kuchokera pakati, kutsogolo, kupita kumbuyo, kuyambira 1 mpaka 8. Motero 26 ndi dzino lachisanu ndi chimodzi kumtunda kumanzere, lija lakhala likukusowetsani tulo. Zilembo zotsatira nambala zimatchula mbali ya dzino imene yawonongeka: O ndi pamwamba potafunira, M ndi mbali yoyang'ana kutsogolo, D ndi mbali yoyang'ana kumbuyo, ndipo I ndi kunsonga kwa dzino lakutsogolo.

Gawo loyamba: kuthetsa ululu ndi kuchotsa gwero la mafinya (maulendo 2)

1. Ulendo woyamba ndi wa dzino 26. Mawu akuti `TTP+` akunena zimene munazimva nokha pamene adokotala anagogoda dzinolo ndi kachitsulo inu n'kudzidzimuka, ndipo `PAR` ndi kamthunzi kakuda kamene kanaoneka pa ekisireyi kunsonga kwa muzu, kusonyeza kuti kuola kunafika pa mtsempha wa m'kati ndipo matenda ayamba kukhudza fupa. Atakubayani jakisoni wochititsa dzanzi, adokotala adzatsegula dzinolo, kuchotsa mtsempha umene wawonongeka, kuikamo mankhwala ndi kumata mongoyembekezera. Ululu uyenera kutsika m'masiku ochepa, koma chonde musaganize kuti dzino lachira, chifukwa zomatira za tsikuli sizinapangidwe kuti zikhale miyezi yambiri. Ndikutsindika mfundoyi chifukwa ndi pano pamene anthu ambiri amasiyira chithandizo, ululu ukangotha, n'kudzabweranso dzino litasweka moti silingapulumutsidwenso.

2. Ulendo wachiwiri, patapita pafupifupi sabata imodzi, ndi wochotsa 46. `RR` akutanthauza kuti padzinoli pangotsala mizu yokha, ndipo `XLA` ndi kuzula munthu ali maso, atangochititsidwa dzanzi pamalopo. Popeza muli ndi matenda a shuga, tidzakupatsani nthawi yam'mawa, ndipo mudzabwere mutadya ndi kumwa mankhwala anu monga mwa masiku onse. Tsiku limenelo musadzachukuche m'kamwa kapena kusuta, kuti magazi amene aundana pabalapo asachoke, pakuti ndiwo amateteza fupa pamene bala likupola.

Gawo lachiwiri: kuchiza nkhama ndi kuletsa kuola (maulendo 4)

Manambala asanu ndi imodzi a pamzere wa `BPE` ndi muyeso wa nkhama, m'kamwa mutagawidwa patatu kumtunda ndi patatu kumunsi, kuyambira kumanja. Nambala 1 ndi pamene nkhama zinatuluka magazi zitakhudzidwa, 2 ndi pamene pali litsiro louma lokakamira limene mswachi sungachotse, ndipo 3 ndi pamene pakati pa dzino ndi nkhama papangika kathumba kozama pafupifupi mamilimita 4 kapena 5. Muli ndi 3 pamalo awiri, kumtunda kumanzere ndi kumunsi kumanja. Palibe 4 paliponse, ndipo zimenezi n'zolimbikitsa, chifukwa timatumba takuya chonchi kawirikawiri timachepa munthu akatsukidwa bwino n'kumadzisamalira kunyumba.

3. Ulendo wachitatu ndi wa `S&P` ndi `OHI`, kutanthauza kupala litsiro louma pamwamba pa nkhama, kupukuta mano, ndi kuphunzitsana katsukidwe. Mudzabwere ndi mswachi umene mumagwiritsa ntchito, kuti tidzaone limodzi pagalasi malo amene ukuphonya, makamaka kuseri kwa mano akumunsi akutsogolo kumene litsiro lachuluka. Tidzakusonyezaninso kachotsedwe ka zotsalira pakati pa mano, ndipo tikupemphani kutsuka kawiri pa tsiku ndi mankhwala okhala ndi fuloraidi, n'kulavula osachukucha ndi madzi.

4. Ulendo wachinayi ndi wa `RSD`, kutsuka mizu pansi pa nkhama m'malo awiri aja, mutachititsidwa dzanzi. Ulendowu udzakhala patapita masabata awiri kapena atatu kuchokera pamene 46 lachotsedwa, kuti pabalapo pakhale patatsekeka. Mano angamanyerenyese ndi zozizira kwa masiku angapo pambuyo pake, ndipo zimenezi zimatha zokha. Shuga ndi matenda a nkhama zimakokana, chimodzi chikaipa chinzake chimavutanso, choncho zingatithandize mutabweretsa zotsatira zaposachedwa za kuyezetsa shuga wanu.

5. Ulendo wachisanu ndi womata 16 ndi 11, onse akumtunda kumanja. `comp` ndi zomatira zoyera zofanana ndi mtundu wa dzino, zimene zimaumitsidwa ndi kuwala. Chizindikiro cha `#` pa 11 chikunena za kakona kaja kanabenthuka kutsogolo. Ndikudziwa kuti limeneli ndilo munapempha kuti tiyambire, popeza limaoneka mukamaseka, koma zomatira zoyera sizigwira bwino nkhama zikamatuluka magazi, n'chifukwa chake laikidwa pambuyo pa kutsuka.

6. Ulendo wachisanu ndi chimodzi ndi womata 37, bowo laling'ono pamwamba pake. Taupatula kuti musachititsidwe dzanzi mbali zonse ziwiri tsiku limodzi.

Gawo lachitatu: kumaliza kuchiza mizu ya 26 (ulendo 1 kapena 2)

7. `RCT` ndi kutsuka ndi kutseka timipata ta m'kati mwa mizu. Dzino ngati 26 kawirikawiri limakhala ndi mizu itatu ndi timipata titatu kapena tinayi, ndipo kachinayiko kamakhala kobisika komanso kopapatiza, moti adokotala sangalonjeze pasadakhale kuti ntchito idzatha tsiku limodzi. Ngati m'kati mudzapezeke mouma ndipo dzino silikupwetekanso likagogodedwa, adzatseka tsiku lomwelo n'kujambula ekisireyi yotsimikizira. Ngati ayi, adzaikamo mankhwala ena n'kumaliza paulendo wotsatira. Konzekerani kukhala pampando ola limodzi kapena kupitirira pang'ono, ndipo kufikira dzinoli litavekedwa chisoti, chophimba dzino lonse chimene pa khadi chalembedwa `crown`, musatafunire zolimba mbali imeneyo.

Muli ndi ufulu wosankha kuti 26 lichotsedwe m'malo mochizidwa, ndipo mukatero gawo lachitatu ndi chisoti zidzachoka m'ndondomekoyi, maulendo n'kuchepa ndi atatu kapena anayi. Adokotala akulangiza kuti lisungidwe chifukwa mbali yaikulu ya dzino ikadali yolimba, ndiponso mukalichotsa mudzakhala mutataya mano atatu mwa anayi amene amagwira ntchito yaikulu potafuna. Komabe chithandizo cha mizu nthawi zina sichigwira, ndipo zikatero dzino limafunika kuchizidwanso kapena kuchotsedwa. N'koyenera kuti musankhe mukudziwa mbali zonse ziwiri.

Gawo lachinayi: kuunikanso (ulendo 1)

8. Patatha miyezi itatu kuchokera paulendo wachinayi, adokotala adzayezanso nkhama, kuona mmene pa 46 papolera, ndi kuyang'ana 48, dzino lomalizira kumunsi kumanja, limene `PE` akusonyeza kuti linangotuluka pang'ono. Pakadali pano silikuvuta ndipo sitilikhudza, koma nkhama yophimba pamwamba pake ikatupa kapena mukamavutika kuyasamula, tidziwitseni mosadikira tsiku lanu. Ulendo umenewu ndiwo udzatsegule khomo la gawo lomaliza. Ngati nkhama zidzakhale zikutulukabe magazi, tidzabwereza kutsuka tisanapite patsogolo, ndipo maulendo adzawonjezeka ndi umodzi kapena awiri, pakuti chisoti kapena mano oyikirira zopimidwa pa nkhama zotupa sizikwananso nkhamazo zikaphwa.

Gawo lachisanu: chisoti ndi mano oyikirira (maulendo 6 kapena 7)

9. Chisoti cha 26 chidzatenga maulendo awiri, woyamba wosema dzino ndi kutenga chikombole, wachiwiri wochiveka chikabwera kuchokera kwa amisiri patapita pafupifupi masabata awiri. Dzino lam'mbuyo limene lachizidwa mizu limakhala litataya mbali yaikulu ya thupi lake, choncho chisoti chimaligwira pamodzi kuti lisang'ambike potafuna.

10. Chizindikiro cha `-/P` ndi mano oyikirira akumunsi, ovula ndi kuvala, olowa m'malo mwa 36 limene linachoka kale ndi 46. Pamafunika maulendo anayi: kutenga chikombole choyamba, kutenga chachiwiri pamodzi ndi kupima mmene mano amakumanirana, kuyesa, ndi kuvala. Anthu ambiri amabweranso kamodzi kuti pamene pakukhula nkhama pasalazidwe. Tidzayamba chisoti chitavekedwa, popeza dzino loyikirira la 36 lidzakumana ndi chisoticho mukamaluma. Pali njira zinanso zotsekera mipata imeneyi, monga mano omangiriridwa pa mano oyandikana nawo kapena obzalidwa m'fupa, ndipo adokotala adzakambirana nanu za izo paulendo wounikanso, fupa ndi nkhama zitaoneka mmene zilili.

Maulendo onse akuyembekezeka kukhala pakati pa 14 ndi 16, m'miyezi pafupifupi isanu ndi umodzi kapena isanu ndi iwiri, ndipo mbali yaikulu ya nthawiyo ndi yodikira kuti thupi lipole. Chiwerengerochi n'chongoyerekeza, ndipo chikasintha tidzakuuzani chifukwa chake tisanachite chilichonse chimene sichili m'chikalata chino. Ngati tsaya litatupa, mutamva kutentha thupi, kapena zomatira zongoyembekezera za 26 zitachoka, bwerani tsiku lomwelo. Ngati kutupa kukukulepheretsani kumeza kapena kupuma, pitani kuchipatala nthawi yomweyo. Paulendo woyamba mudzabwere ndi chikalatachi pamodzi ndi mankhwala onse amene mumamwa, ndipo mudzatiuze chimene mwasankha pa dzino 26 musanasaine kalata yovomereza chithandizo.

Ine wanu,
Wothandizira dokotala wa mano