Homuweki ya kemisitiri Fomu 4, ndiyione Lolemba

Ana inu mwaswera bwanji, nachedwa kutumiza chifukwa kuno ku Luchenza magetsi anapita m'mawa foni inathima. Nkhani ndi yomweija ya sitoikiyometire, kupeza limitin'i riyejenti, kapena kuti mankhwala oyamba kutha, ndi peresenti ya yiludi. Ndikuwerengerani imodzi, ziwiri zinazo ndi zanu.

Titenge feteleza wa salufeti amene mumamudziwa kale. Wina wasakaniza amoniya 10.2 g ndi asidi wa salufiyuriki 24.5 g, ataumitsa wapeza feteleza 26.4 g.

2NH3 + H2SO4 → (NH4)2SO4

H = 1, N = 14, O = 16, S = 32, ndiye molo imodzi ya amoniya ndi 17 g, asidi 98 g, feteleza 132 g.

Magalamu muyambe mwawasandutsa mamolo kaye. Amoniya 10.2 ÷ 17 = 0.6, asidi 24.5 ÷ 98 = 0.25. Apa mpamene ambiri munagwera pa tesiti ija, munangoona 10.2 ndi yochepa basi nkulemba kuti amoniya ndiye ayamba kutha, ayi ndithu sikelo siimauza zimenezo, yang'anani resho pa ikweshoni, molo imodzi ya asidi imafuna mamolo awiri a amoniya. Zili ngati wokonza njinga za kabaza amene ali ndi mafulemu 5 ndi matayala 12, njinga zituluka 5 zokha, matayala awiri angokhala pakhonde. Ndiye asidi 0.25 akufuna amoniya 0.5 koma ife tili ndi 0.6, asidi ndi amene ayamba kutha, amoniya atsala 0.1 molo yemwe ndi 1.7 g.

Feteleza woyenera kutuluka timawerengera kwa amene watha uja, resho 1:1, 0.25 × 132 = 33 g. Yiludi ndi 26.4 ÷ 33 × 100 = 80%. Wotsalayo mwina anamatirira m'bika kapena anatayika posefa. Ukapeza zoposa 100% bwerera, mwina wagawa chozondoka.

Funso 1. Aini 14 g watenthedwa pamodzi ndi salufa 10 g, patuluka 17.6 g ya FeS.

Fe + S → FeS, Fe = 56

Pezani amene ayamba kutha, magalamu a wotsalayo, ndi peresenti ya yiludi. Malikisi 6.

Funso 2. Maginiziyamu 6 g wawotchedwa mu okosijeni 8 g, phulusa loyera la MgO lalemera 8.5 g, Mg = 24.

Mg + O2 → MgO

Ikweshoni iyi ndaisiya dala yosabalansa, muibalanse nokha kenako mupeze zomwezija zitatu. Malikisi 8. Ili lili ndi msampha, mukapeza mamolo musathamangire kusangalala.

Mulembe m'kope ndi bolopeni, sitepe iliyonse ioneke ndi mayunitsi omwe, ansa yokhayokha ndiidula malikisi. Amene mukukathandiza makolo kuthyola tiyi Loweruka mulembe Lamulungu masana, makope onse ndiwapeze patebulo panga 7:30 isanakwane.