Kalata kwa Amayi ndi abale onse, yokhudza ndalama zimene ndimatumiza

Johannesburg
8 Juni 2025

Okondedwa Amayi, amalume, achemwali anga aakulu ndi abale onse,

Ndikupereka moni kwa nonsenu, ndipo ndikhulupirira kuti kalatayi ikupezani muli bwino. Ine kuno ndili bwino ndipo ntchito ndikugwirabe, ngakhale kuti ino ndi nyengo yozizira kwambiri. Ndasankha kulemba m'malo moimba foni chifukwa nkhani ya ndalama ikakambidwa pakamwa aliyense amaikumbukira m'njira yakeyake. Ndikupempha amalume kuti asonkhanitse banja lonse, awerenge kalatayi mokweza aliyense akumva, kenako aisunge kuti tizibwererako pakakhala kusamvana.

Nkhani yake ndi iyi. Kuyambira mwezi wa Julayi chaka chino ndizitumiza R2,000 mwezi uliwonse, kamodzi kokha, lisanadutse tsiku lachitatu la mwezi. Kupatula ndalama imeneyi, sindidzatumizanso ina kwa munthu aliyense payekha, kaya wapempha pa foni, pa WhatsApp, kapena watuma wina kuti andilankhule m'malo mwake. Ndikudziwa kuti mawuwa ndi olemera, choncho ndikufuna ndifotokoze bwino chimene chandifikitsa pamenepa.

Ambiri a inu simudziwa ndalama imene ndimalandira, ndipo ndaona kuti pamene simukudziwa, aliyense amaganiza yake. Pantchito yanga yolongedza katundu, akachotsa zimene lamulo limafuna, monga ya UIF imene amadula kwa ogwira ntchito kuno, ndimatenga R7,500 pa mwezi. Lendi ya chipinda chimodzi chimene ndimakhala ndi R1,800. Ulendo wopita ndi kubwera kuntchito umatha R1,100, chakudya R1,400, magetsi ndi mayunitsi a foni R400. Zonsezi zikakwana R4,700, zimatsala R2,800. Pa ndalama yotsalayi ndi pamene ndikuchotsa R2,000 ya kwathu, R500 yosunga pokonzekera zadzidzidzi, ndipo R300 yotsiriza ndiyo ndilipirire mtengo wotumizira ndalama, ndigulire sopo, nsapato zikatha, ndi mankhwala ndikadwala. Marandi akasinthidwa kukhala makwacha amaoneka ochuluka, koma ine ndimakhala kuno, ndipo mwini nyumba ndi woyendetsa minibasi amafuna marandi omwewo.

M'zaka zapitazi zopempha zakhala zikubwera mosadukiza. Wina akufuna mpamba wa bizinesi, wina foni yake yawonongeka, wina ali ndi ngongole imene akumulonjerera, wina akufuna yoyendera. Chilichonse mwa zimenezi pachokha ndi chomveka, ndipo sindikunena kuti alipo amene ananama. Vuto ndi lakuti aliyense amapempha payekha osadziwa kuti dzulo lake wina anapemphanso, ndipo thumba limene onse akupisamo dzanja ndi limodzi. Zotsatira zake zakhala zakuti amene wafulumira kuimba foni ndiye amalandira, pamene Amayi, amene sakonda kupempha ndipo amangoti tili bwino mwanawe, mankhwala awo a kuthamanga kwa magazi amatha mwezi usanathe. Achemwali atandiuza mwezi wathawu kuti Amayi anakhala masiku angapo osamwa mankhwala, pamene ine m'mwezi womwewo ndinali nditatumiza ndalama kwa anthu angapo, ndinaona kuti katumizidwe kotere kakulanga munthu amene ndinachokera kwathu kuti ndidzamuthandize.

Palinso china. Ndalama yotumizidwa pang'onopang'ono imathera panjira, chifukwa ulendo uliwonse wotumiza uli ndi mtengo wake, ndipo wokaitenga amalipiranso yoyendera kapena yotapira. Ndiponso pempho likafika pakati pa mwezi, ine ndilibe kumene ndingatenge koma kukongola, ndipo okongoza ndalama kuno amafuna chiwongoladzanja chachikulu ngati a katapila. Zikatero malipiro a mwezi wotsatira amafika atadyedwa kale. Munthu wokhala m'dziko la eni alibe munda woti athawireko kapena mbale woti amusunge, ndipo lendi ikalephereka katundu amatulutsidwa panja. Ine ndikagwa kuno, thandizo lonse la kwathu lithera pomwepo.

Ndalama ya R2,000 ndikufuna izigawidwa motere. R900 ikhale ya chakudya ndi zofunika zina za pakhomo pa Amayi. R400 ikhale ya mankhwala awo ndi yoyendera popita kuchipatala, ndipo imeneyi isakhudzidwe ndi wina aliyense pa chifukwa china chilichonse; mwezi umene yatsalako isungidwe, chifukwa matenda sachenjeza. R500 ikhale ya sukulu ya mlongo wathu wamng'ono mpaka atamaliza Fomu 4, ndipo popeza fizi imalipidwa pa teremu, iziunjikidwa miyezi imene palibe cholipira. R200 yotsala izisungidwa mwezi ndi mwezi kuti nthawi yolima ikafika pakhale pogwira pogula feteleza ndi mbewu, tisamadzadzidzimuke chaka chilichonse ndi chinthu chimene tonse timadziwa kuti chikubwera.

Ndalemba chiwerengerochi m'marandi mwadala. Mukukumbukira kuti mu Novembala 2023 mphamvu ya kwacha inatsitsidwa ndi 44 peresenti, ndipo mitengo ya zinthu inakwera nthawi yomweyo. Ndikanalonjeza chiwerengero cha makwacha, chikanamatha mphamvu inu mukuona. Chimene ndingathe kulonjeza ndi chimene ndimalandira, choncho makwacha amene muzitapa azisiyana mwezi ndi mwezi malinga ndi mmene ndalama zikusinthidwira tsiku limenelo. Uthenga wosonyeza kuti ndatumiza zingati ndipo zafika zingati ndiziutumiza kwa achemwali ndi kwa amalume nthawi imodzi, kuti pasakhale woganizira mnzake.

Wolandira ndalama akhala achemwali anga aakulu, chifukwa ndiwo amakhala pafupi ndi Amayi ndipo ndiwo amawaperekeza kuchipatala. Achemwali, ndikudziwa kuti ndikukusenzetsani katundu wolemera, pakuti amene asiya kuimbira ine foni ayamba kugogoda pakhomo panu. Ndikupemphani mugule kope limodzi, muzilembamo tsiku limene ndalama yafika, kuchuluka kwake, ndi chilichonse chimene yagwira, ngakhale chaching'ono, ndipo malisiti a kusukulu ndi a mankhwala muziwasunga m'kope momwemo. Pakutha pa mwezi mujambule tsambalo ndi foni munditumizire. Sindikukukayikirani ayi. Kopelo ndi lokutetezani inu, kuti wina akadzati ndalama ikudyedwa mudzangolitsegula pamaso pa onse. Aliyense wobwera kudzapempha pa ndalama imeneyi mumuuze kuti mulibe mphamvu yoperekera, ndipo mlanduwo ukhale wanga.

Za R500 imene ndizisunga kuno, ndikufuna timvane kuti chadzidzidzi n'chiyani. Kwa ine chadzidzidzi ndi matenda aakulu ofuna kuti munthu agonekedwe m'chipatala, maliro a m'banja mwathu, kapena ngozi yogwera nyumba imene Amayi akukhalamo. Zotere zikachitika, amalume ndi achemwali akambirane, kenako mmodzi wa iwo andiimbire, ndipo ndidzatumiza malinga ndi zimene zasungidwa pa nthawiyo, osapitirira pamenepo. Mpamba wa bizinesi, foni, zovala, ukwati, ulendo ndi ngongole za munthu payekha sizili m'gulu limeneli. Ndikunenetsanso kuti pasapezeke wokongola ndalama kapena kutenga katundu pa ngongole pogwiritsa ntchito dzina langa, n'kumauza eni ake kuti m'bale wanga wa ku Joni adzabweza. Ngongole yotere sindidzaibweza, ndipo ndikupempha amalume kuti zimenezi zimveke kwa onse kuyambira tsiku limene kalatayi iwerengedwe.

Kwa iwe mng'ono wanga, ndikudziwa kuti umayembekezera mpamba umene tinakambirana, ndipo ndikudziwa kuti ntchito ikusowa ndipo sukukhala chabe mwa kufuna kwako. Sindingakupatse ndalama imeneyo tsopano, ndipo sindikufuna kukuuza kuti dikira mwezi wamawa pamene ndikudziwa kuti mwezi wamawa sipadzakhala kanthu. Mlongo wathu akadzamaliza sukulu, R500 yake idzakhala yopanda ntchito, ndipo pamenepo banja lidzakhale pansi n'kuona kumene ingapite. Ngati udzakhale utalemba bwino bizinesi imene ukufuna, ndalama imene ikufunika ndi mmene udzaiyendetsere, ine ndidzakhala woyamba kukuyankhulira. Kufikira nthawi imeneyo, chonde usandipemphe, kuti tikamalankhulana pa foni tizikamba za moyo wako ine ndisakuda nkhawa kuti nkhaniyo ithera pati.

Kwa azakhali, asuweni ndi abale ena amene ndakhala ndikuthandiza apo ndi apo, ndikupempha kuti mundimvetse. Sindinakutayeni, ndipo ubale wathu sunasinthe. Koma malipiro a munthu mmodzi sangakwanire makomo onse, ndipo ndikayesa kufikira aliyense palibe amene athandizike mokwanira. Mukanditumizira uthenga wopempha ndalama ndidzakuyankhani mwaulemu kuti sindingathe, ndipo yankho limeneli lidzakhala lofanana kwa aliyense, wamkulu kapena wamng'ono. Musavutike kupita kwa Amayi kuti akandipemphere, chifukwa kutero ndi kuwaika pakati pa mwana wawo ndi abale awo, ndipo pa msinkhu wawo sayenera kusenza zimenezo.

Chiwerengero cha R2,000 ndizichiunikanso kamodzi pa chaka, mu Januwale. Malipiro anga akakwera ndidzawonjezera ndipo ndidzakuuzani. Ntchito ikadzatha kapena maola akadzachepetsedwa, ndidzadziwitsa achemwali ndi amalume mwamsanga kuti mukonzekere, ndipo ndalama ya mankhwala a Amayi ndiyo idzakhale yomaliza kuikhudza. Miyezi imene ndagwira maola owonjezera, ndalama yapamwambayo ndizisunga kuti ndikonzetsere mapepala anga okhalira kuno, ndipezere yoyendera pobwera kudzakuonani, ndiponso kuti tsiku lodzabwerera kwathu ndisadzafike chimanjamanja n'kukhala mtolo kwa inu nomwe.

Amayi, ndikudziwa kuti mudzadandaula kuti mwina abale adzandida chifukwa cha kalatayi. Musade nkhawa ndi zimenezo, ndaziganizira mofatsa ndipo ndakonzeka kuzisenza. Chimene ndikupempha kwa inu ndi chakuti mankhwala akatsala pang'ono muziwauza achemwali msanga, ndipo ndalama ya chakudya chanu musamaigawe kwa obwera kudzadandaula, ngakhale mtima wanu ukufuna kutero.

Ngati pali amene akuona kuti kagawidwe ka R2,000 kakufunika kusintha, anene pamsonkhano womwewo amalume akamaliza kuwerenga, ndipo maganizo onse andipeze kudzera kwa amalume Juni asanathe. Kagawidwe ndingathe kukasintha tikamvana, koma chiwerengero chonse ndi tsiku lotumizira zikhala monga ndalembera. Ndidzaimba foni Lamlungu lomaliza la mwezi uno madzulo kuti ndimve zimene mwagwirizana, ndipo ndalama yoyamba idzafika pa 3 Julayi.

Mundiperekere moni kwa ana onse. Mulungu akusungeni.

Ine mwana wanu woyamba wamwamuna, mphwanu ndi mlongo wanu.