Kalata ya chenjezo: kufika mochedwa pa ntchito mobwerezabwereza

30 Juni 2025

Kwa: Bambo Yohane Mbewe, Woyang'anira Nyumba Yosungiramo Katundu
Kuchokera kwa: Mkulu Woona za Ogwira Ntchito

Okondeka Bambo Mbewe,

CHENJEZO LOYAMBA LOLEMBEDWA

Ndakulemberani kalatayi potsatira zokambirana zathu za Lachinayi pa 26 Juni 2025, pomwe panalinso kapitawo wanu Mayi Gondwe ndi mnzanu wa pa ntchito amene munasankha kuti akuperekezeni.

Mgwirizano wa ntchito umene munasainira umanena kuti muzikhala mutafika 7:30 m'mawa, kuyambira Lolemba mpaka Lachisanu. Pa 20 Meyi Mayi Gondwe anakuchenjezani pakamwa za kuchedwa, ndipo inu munalonjeza kuti musintha. Koma buku losainira pachipata likuonetsa kuti m'mwezi uno wokha mwachedwa kasanu. Lachiwiri pa 3 Juni munafika 8:10, Lolemba pa 9 Juni 8:45, Lachinayi pa 12 Juni 8:05, Lolemba pa 16 Juni 9:20, ndipo Lachinayi pa 19 Juni 8:30. Pa masiku onsewa, ndi tsiku limodzi lokha, pa 12 Juni, limene munaimba foni kudziwitsa kapitawo.

Ndikufuna mumvetse chifukwa chake nkhaniyi taitenga kukhala yaikulu. Makiyi a nyumba yosungiramo katundu amakhala ndi inu, choncho mukachedwa ntchito ya ena imaima. Pa 16 Juni magalimoto awiri anali atayandikira kale pakhomo kudikira kupakira, opakira katundu anayi atangokhala pansi pafupifupi maola awiri, ndipo foni yanu inali yozima. Madalaivala ananyamuka dzuwa litakwera, wina nkukapeza kasitomala atatseka. Katunduyo anabwerera, ndipo tsiku lotsatira tinathiranso mafuta a ulendo womwewo. Anzanu opakira aja anaweruka usiku pofuna kumaliza zimene zikanatha masana, chonsecho iwo anafika nthawi yabwino.

Pa zokambirana zija munafotokoza kuti kuchokera pamene munasamuka mwezi wa Epulo mukukhala kutali, komanso kuti m'mawa mumayamba mwaperekeza mwana kusukulu. Tamva, ndipo sitikukayika kuti zimenezi n'zoona. Chimene sitingavomereze n'chakuti vutoli munalidziwa kwa miyezi iwiri koma simunabwere kudzatiuza kuti tione pothandizana, mpaka titachita kukuitanani. Kuchedwa osanena kanthu ndi kumene kwatisowetsa mtendere koposa, pakuti mukanaimba foni nthawi ikadalipo, Mayi Gondwe akanakatenga makiyi apadera ku ofesi.

Pa chifukwa chimenechi, kalatayi ndi chenjezo loyamba lolembedwa. Iikidwa mu failo yanu ndipo chenjezoli likhala likugwira ntchito kwa miyezi isanu ndi umodzi, mpaka pa 30 Disembala 2025.

Kuyambira mawa, Lachiwiri pa 1 Julayi, tikuyembekezera kuti 7:30 izikupezani mutasaina m'buku ndipo mutatsekula nyumba ya katundu. Mukagwa m'vuto ladzidzidzi, monga matenda, muimbire Mayi Gondwe isanakwane 7:00. Kutumiza uthenga kudzera mwa mnzanu sikukwanira. Ngati mukuona kuti 7:30 siingatheke ndithu, lembani kalata yopempha kuti muziyamba 8:30 ndi kuweruka 17:30, makiyi nkumakhala ndi munthu wina m'mawa. Pempho lotere tidzaliganizira mwachilungamo, koma mpaka titakuyankhani polemba, nthawi yanu yoyambira ndi 7:30 yomweyo.

Tidzakumananso Lachinayi pa 31 Julayi kuti tionere limodzi buku losainira. Mukachedwanso popanda chifukwa chomveka chenjezoli lisanathe, mudzaitanidwa kuti mudzafotokoze mbali yanu, ndipo zotsatira zake zikhoza kukhala chenjezo lomaliza, kuimitsidwa pa ntchito kwa kanthawi, kapenanso kuchotsedwa ntchito malinga ndi malamulo a kampani.

Bambo Mbewe, pa zaka zimene mwagwira nafe ntchito, mabuku anu a katundu akhala olongosoka ndipo sipanasowepo kanthu m'manja mwanu. Sitikufuna kutaya munthu wotere chifukwa cha nkhani imene ingathe kukonzeka.

Ngati simukugwirizana ndi chenjezoli, muli ndi ufulu wochita apilo polembera Mkulu wa Kampani pofika Lachisanu pa 11 Julayi 2025, ndipo mufotokoze zifukwa zanu. Takupatsani makope awiri a kalatayi: sainani imodzi nkuibweza ku ofesi yanga mawa, inayo musunge. Kusaina kukungosonyeza kuti mwailandira, osati kuti mwavomereza zonse zimene zalembedwamo.

Ine wanu,

E. Kalua (Mayi)
Mkulu Woona za Ogwira Ntchito

Kope kwa: Mayi Gondwe, Kapitawo wa Nthambi ya Katundu