Za thanki, pampu ndi nthawi yotunga madzi

Anzanga nonse a pa mpanda pano, mwaswera bwanji? A landilodi atiuza kuti thanki ndi pampu anatiikira, koma zoyendetsa ndi zathu. Ndiye pali mfundo zimene ndikupempha tigwirizane.

Mwezi watha mita ya pampu inadya mayunitsi a K36,000, ndipo K12,000 timasunga kuti pampu ikafa tisamayambe kuyendayenda ndi mbale. Zonse ndi K48,000. Takhala tikugawa pa khomo, K8,000 nyumba iliyonse, ndipo ine ndikuona kuti si chilungamo. Aphunzitsi a ku nambala 2 amakhala okha, m'mawa amapita kusukulu, kubwera madzulo, koma akulipira mofanana ndi ine amene kwanga tilipo 6, kuphatikizapo khanda la matewera. Pa mpanda pano tilipo anthu 24, choncho tikawerenga mitu, munthu aliyense ndi K2,000. Kwanga ndizipereka K12,000, aphunzitsi K2,000. Mwana ndi mutu ndithu, amamwa komanso amachapiridwa. Mlendo akatha sabata ziwiri timuwerengenso.

Thanki yathu ndi ya malita 5,000, kutanthauza zidebe 250 za malita 20. Ikadzaza, aliyense ali ndi zidebe 10 pa tsiku. Madzi amenewa ndi okwanira ngakhale ndi kutentha kwa Okutobala kuno ku Mangochi. Chimene chikutiphera madzi ndi kuchapa tonse Loweruka, komanso mpopi wosiyidwa ukudontha usiku wonse.

Pampu iziyatsidwa 5 koloko m'mawa, thanki ikadzaza izimitsidwe. Kiyi azisunga nyumba imodzi pa sabata, kuyambira nambala 1. Magetsi akakhala kuti azima, wosunga kiyi ayatse akangoyaka. Chonde, mukamva pampu ikulira koma madzi osakwera, zimitsani pompo, chifukwa ikamazungulira youma mota imapsa, ndipo K12,000 ija singagule ina.

Kuyambira 5:30 mpaka 7 koloko tizitunga osamba ana asukulu, ophikira ndi akumwa basi. Kuchapa kuziyamba 8 koloko: nambala 1 ndi 2 Lolemba ndi Lachinayi, nambala 3 ndi 4 Lachiwiri ndi Loweruka, nambala 5 ndi 6 Lachitatu ndi Lamulungu. Lachisanu pasakhale wochapa, kuti opita ku Juma apeze madzi okwanira. Matewera okha alibe tsiku.

Achimwene a kabaza, kutsuka njinga zamoto za anzanu pa mpopi pano ndi bizinesi, chimodzimodzinso thobwa ndi mafilizesi ogulitsa. Sitikuletsa, koma chidebe cha bizinesi chikhale K100, ndalamayo ilowe m'thumba lokonzera pampu.

Ndalama izifika pasanadutse pa 5 mwezi uliwonse kwa amayi a ku nambala 4, pamanja, pa Airtel Money kapena pa Mpamba, ndipo iwo azilemba m'kope loti aliyense atha kuliona. Amene zamuvuta anene msanga, timvana.

Tikumane Lamulungu 4 koloko madzulo pansi pa mtengo wa mango. Amene sakugwirizana ndi zowerenga mitu adzanene pamenepo.

Ndine mnzanu wa ku nambala 1.