Kalata kwa msuweni wanga: za mawu aja akuti "dolo"

Wokondedwa msuweni,

Ndikhulupirira muli bwino nonse kumudziko. Ine kuno ku Kawale ndili bwino, kungoti kwatentha.

Uthenga wako ndinaulandira. Ukuti tsiku lija unakonza wailesi ya agogo ndinakuuza kuti "iwe ndiwe dolo," ndipo mpaka lero sukudziwa ngati ndinakutukwana kapena ayi. Mtima m'malo, ndinkakuyamikira.

Mawuwa ndinawatola kwa anzanga kuno ku Lilongwe. Dolo ndi munthu amene chinthu amachitha kwambiri, uja kusukulu mumati katswiri kapena kadaulo. Akachuluka timati madolo, luso lakelo ndiye udolo. Ine ndinawamvetsa bwino tsiku lomwe foni yanga inagwera m'ndowa ya madzi. Mnzanga wina ananditengera kumsika kwa kamnyamata kokonza mafoni, kamsinkhu ngati wako womwewu, kali pa benchi pansi pa ambulera. Kanaitsegula, kuipukuta ndi kamswachi, kuwotcherera kawaya kamodzi kopyapyala ngati tsitsi, basi foni n'kuyaka. Mnzangayo anangogwira pakamwa n'kunena kuti, "Aise, mfana uyu ndi dolo!" Kamnyamatako sikanayankhe, kanangomwetulira uku kakutenga foni ina. Pamene ndinakuona iwe utagwada pamkeka ndi wailesi ija, mabatire ali mbwee, ndi kameneka kanandibwerera m'mutu.

Koma pali mbali ina yomwe imandiwawa, ndipo ndi bwino uyimve kwa ine. M'tauni muno mawu omwewa amawapatsanso anthu ochenjera moipa. Mwezi watha munthu wina pafupi ndi depoti anandigulitsa chaja ali m'kabokosi kokongola, kufika kunyumba osagwira ntchito. Nditawafotokozera anzanga, anangoti, "Wakumana ndi madolo." Sindinaseke nawo. Ndalama ija ndinaivutikira, ndipo sindinakonde kumva wakuba akupatsidwa dzina lomwe tinapatsa kamnyamata kogwira ntchito ndi manja ake. Ndiye ukamva wina akutchulidwa dolo, uziyamba wamvetsera kuti wachita chiyani.

Usakayese kuwauza agogo kapena aphunzitsi kuti "ndinu dolo," ngakhale mtima wako uli wabwino. Ndi mawu a pakati pa achinyamata, pabwalo la mpira kapena pocheza. Pa chimangirizo cha mayeso a MSCE usadzawalembe, pamenepo ndi pa katswiri basi.

Amayi ako uwauze kuti nsalu ija ndinaipeza, ndidzabwera nayo pa Khirisimasi. Agogo undiperekere moni, uwafunsenso ngati mwendo uja unasiya kuwawa. Ndidzakubweretsera kawailesi kanga kakale komwe kanasiya kulira chaka chatha, udzakaone mkati.

Ndine msuweni wako,
wa ku Kawale